Funsani Dokotala: Mutu ukuwawa, nkhope yatupa, ndidikire tsiku la sikelo?

Adokotala, ndili ndi pakati poyamba, masabata 32. Sabata yatha ku sikelo bipi yanga inali 138/88, pomwe miyezi yam'mbuyomu inkakhala 110/70. Tsopano mutu wandiwawa masiku awiri osaleka ngakhale ndamwa panado, nkhope yatupa, mphete sikulowanso, ndipo nthawi zina ndikuona tinyenyezi m'maso. Apongozi akuti ndi mmene pakati pamakhalira, ndidikire tsiku la sikelo. Nditani? — Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Mayi, musadikire. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi munthu wokuperekezani, mupite lero lomwe kuchipatala chimene muli nacho pafupi. Ngati ndi usiku kapena Lamulungu, lowani kumbali ya amayi oyembekezera, chifukwa kumeneko anamwino amakhalapo usana ndi usiku. Mukafika musakhale pamzere mwakachetechete. Uzani namwino kuti: "Ndili ndi pakati pa masabata 32, mutu sukuleka ndipo ndikuona tinyenyezi." Namwino aliyense wophunzira uzamba akamva mawu amenewo amadziwa kuti ndi za changu.

Chimene ndikuopa ndi matenda amene kuchipatala timawatcha piri-ekilampusiya, kuthamanga kwa magazi kobwera ndi pakati. Amayamba pakati pakapitirira masabata 20, ndipo amakonda kugwira amayi a pakati poyamba, oyembekezera mapasa, odwala shuga, impso kapena bipi kale, ndi amene anadwalapo matendawa pa mimba ina. Gwero lake ndi nsengwa. Mitsempha yake ikapanda kukhazikika bwino m'chiberekero, nsengwayo imatulutsa zinthu zimene zimawononga mitsempha ya magazi m'thupi lonse la mayi. Mitsempha imapanikizika, bipi n'kukwera. Impso zimayamba kutaya puloteni mumkodzo, madzi amatuluka m'mitsempha n'kudzaza m'minofu, ndipo mwana amalandira magazi ochepa.

Apongozi anu akunena zoona pa chinthu chimodzi. Kutupa mapazi madzulo kumachitikira amayi ambiri a pakati potha msinkhu, ndipo kumaphwa akagona. Koma kutupa kwa nkhope ndi manja kobwera m'masiku ochepa ndi nkhani ina. Ndipo chondidetsa nkhawa kwambiri pa inu si kutupako ayi, koma mutu wosamva panado ndi tinyenyezito, chifukwa zikusonyeza kuti ubongo wayamba kukhudzidwa. Chizindikiro china chimene amayi ambiri amachinyoza ndi ululu wa pachifu kapena pansi pa nthiti za kumanja. Amati ndi chilungulira n'kumwa soda, chikhalirecho ndi chiwindi chikutupa. Kusanza kobwera mwadzidzidzi m'miyezi yomaliza, kubanika, mkodzo kuchepa, mwana kuchepetsa kugunda, kapena kutaya magazi, chilichonse mwa izi n'chokwanira kunyamukira kuchipatala.

Tiyeni tione manambala anu. Timati bipi yakwera ikafika 140 pamwamba kapena 90 pansi, ndipo 138/88 inali isanafike pamenepo. Koma kwa munthu amene ankakhala pa 110/70, kumeneko n'kukwera kwakukulu, ndipo papita sabata. Matendawa amatha kukula m'masiku awiri okha. Nambala ya sabata yatha siyingatiuze za lero.

N'chifukwa chake chinthu choyamba kuchipatala n'kuyeza bipi, osati kulemba mankhwala a mutu. Muyezedwe mutakhala pansi, mutapuma mphindi 5, mkono uli pa msinkhu wa mtima. Lamba woyezera akachepa pa mkono waukulu, amapereka nambala yokwera kuposa yeniyeni. Kenako mupereke mkodzo, aviikemo kapepala koyezera puloteni. Kakasonyeza 2+ kapena kuposa pamodzi ndi bipi yokwera, ndiye matendawa. Komabe puloteni ikapanda kuoneka sindiye kuti mwapulumuka: bipi yokwera pamodzi ndi mutu ndi maso ngati anuwo timaitenga ngati matenda aakulu. Kuno kwathu malungo amayezedwanso, poti nawo amawawitsa mutu, koma kuyeza malungo kusalowe m'malo mwa kuyeza bipi. Munthu angathe kukhala ndi zonse ziwiri.

Tiyerekeze kuti lero mwapezeka ndi 150/100 ndi puloteni 2+. Mayi wopanda dandaulo lililonse akanamuyezanso pakatha maola 4 kuti atsimikize. Inu simungadikire maola amenewo, chifukwa zizindikiro zoopsa zilipo kale. Chimodzimodzi aliyense amene bipi yafika 160/110: amayezanso pakangotha mphindi zochepa n'kuyamba chithandizo.

Mankhwala oyamba ndi magineziyamu salifeti, oteteza kukomoka. Kawirikawiri amapereka magalamu 4 mumtsempha pang'onopang'ono, ndi magalamu 10 m'matako, 5 mbali iliyonse. Mumamva kutentha thupi lonse, ndipo jakisoni wa m'matakoyo amapweteka, koma musakane. Mankhwalawa ntchito yake si kutsitsa bipi. Ikafika 160/110 amawonjezera ena monga haidiralazini kapena nifedipini, ndipo amatsitsa pang'onopang'ono, chifukwa ikagwa mwadzidzidzi mwana amasowa magazi. Ngati muli pachipatala chaching'ono, jakisoni woyamba wa magineziyamu aperekedwe musanakwere ambulansi yopita ku Chatinkha, kuchipatala chachikulu cha Gulupu, poti panjira m'pamene mayi angakomoke popanda womuthandiza. Mukagonekedwa, magalamu 5 amabwerezedwa maola 4 aliwonse, koma namwino amayamba waona ngati mukupuma kosachepera ka 16 pa mphindi, ngati bondo likudumpha akaligogoda, ndiponso ngati mkodzo ukufika mamililita 30 pa ola. Magineziyamu amachoka m'thupi kudzera mumkodzo, choncho impso zikafooka amachulukana n'kufooketsa kupuma. N'chifukwa chake amakuikani kapaipi ka mkodzo.

Wokuperekezani adziwe izi. Mukagwa n'kuyamba kugwedezeka ngati wakhunyu, akugonekeni chammbali, kumanzere, achotse zinthu zimene zingakuvulazeni, ndipo asakuikeni supuni kapena chala m'kamwa. Asakumwetseni madzi kapena mankhwala azitsamba, chifukwa zimalowa m'mapapo. Kugwedezekako kumaleka pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri, ndipo galimoto ikhale ikufunidwa nthawi yomweyo. Mayi woyembekezera akakomoka chotero timati ndi matendawa mpaka titapeza chifukwa china.

Musamwe mapiritsi a bipi a munthu wina. Ena mwa iwo, monga enalapirilo, amawononga impso za mwana. Bulufeni ndi daikilofenaki nawonso asiyeni. Kusiya mchere, kumwa adyo kapena kugona tsiku lonse sikuchiza matendawa.

Chimene chimawathetsa n'kubereka, nsengwa ichoke. Matenda akakhala aang'ono, madokotala amamuyang'anira mayi pafupipafupi mpaka masabata 37. Akakula, amayerekeza ngozi ya mayi ndi msinkhu wa mwana. Pa masabata 32 mungalandire jakisoni wa dekisamethazoni wokhwimitsa mapapo a mwana, ndipo mwina angakuchititseni kubereka masiku asanakwane, poyambitsa matenda a kubereka kapena pa opaleshoni. Choncho nyamulani zitenje, beseni ndi zovala za mwana pochoka pakhomo.

Mukabereka, magineziyamu amapitirira maola 24, ndipo bipi iziyezedwabe, chifukwa matendawa amatha kubuka kapena kukula mwana atabadwa kale, makamaka sabata yoyamba, mpaka masabata 6. Mutu waukulu kapena kusaona bwino m'masiku a chikuta n'chifukwa chobwerera kuchipatala tsiku lomwelo. Pa mimba yotsatira mudzayambe sikelo m'miyezi itatu yoyambirira ndipo mudzanene kuti munadwalapo matendawa, kuti adokotala adzakuyambitseni asipirini wamng'ono, wa mamiligalamu 75 tsiku lililonse, kuyambira pa masabata 12.