Dzina lili pa basi si umboni, yang'anani phiri

"Achimwene, pa gulupu yathu ya WhatsApp pabwera vidiyo ya madzi osefukira akukokolola galimoto pa mlatho, ndipo wotumiza akuti ndi kwathu, dzulo. Mu vidiyomo mukuoneka basi yolembedwa dzina la tawuni yathu. Anzanga akuti umboni ndi womwewo, koma ine mtima sukuvomera. Ndingadziwe bwanji komwe inajambulidwa?"

Achemwali, basi ili ndi matayala. Dzina lolembedwa pa basi likukuuzani komwe basiyo imachokera kapena komwe ikupita, silikukuuzani pomwe yaima. Ikhoza kukhala ili pakati pa ulendo, ikhoza kukhala inagulitsidwa kalekale mwini watsopano osafufuta dzinalo, kaya inachitidwa hayala kukanyamula anthu kwina. Ndiye anzanuwo agwira chinthu chenicheni, inde, koma agwira poyambira pokha, iwo nkumaona ngati afika.

Imelo yanu yandikumbutsa mkangano womwe ndinakhala nawo ndi mkonzi wina nthawi yomwe ndinkathandiza pa desiki ya nkhani. Kunabwera vidiyo ya chipwirikiti pamsewu, anthu akuthawa, utsi uli tolotolo, ndipo pambali panaima lole yomwe pachitseko panalembedwa dzina la kampani, adiresi ndi nambala ya foni, zonse za mzinda womwe wotumizayo ananena. Mkonzi anati basi izi zatheka, tulutsani. Ine ndinaionera kangapo osayang'ana anthuwo ayi, ndimayang'ana kumbuyo kwawo, ndipo ndinaona kuti galimoto zonse zomwe zimadutsa chapatali zimayenda kumanja kwa msewu, pomwe dziko lomwe amanenalo galimoto zimayenda kumanzere. Nditanena, mnzathu wina anati aaa imeneyo ndi vidiyo yotembenuzidwa chabe, anthu amazitembenuza ngati pagalasi kuti zisazindikirike. Nzoona amatero, ndipo kamera yakutsogolo ya foni nayo nthawi zina imatembenuza. Koma vidiyo ikatembenuzidwa zilembo nazo zimatembenuka, ndiye zilembo za pachitseko cha lole ija zimawerengeka bwinobwino kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kutanthauza kuti chikwangwani chomwe iwo amadalira ndi chomwe chinagwetsa mfundo yawo. Loleyo inali itadutsa malire, inali dziko lina. Mkonzi sanathokoze, anangoti ndachedwetsa nkhani, ndipo mpaka lero zimandiwawabe kuti munthu amene wati tadikirani kaye ndi amene amaoneka wovuta.

Kuyambira pamenepo ine zinthu za mu vidiyo ndimazigawa pawiri: zoyenda ndi zosayenda. Basi, lole, malaya, mbendera, nsalu yolembedwa yomwe anthu anyamula, ngakhale chilankhulo chomwe mukumva, zonsezi zimayenda ndi anthu, komanso mawu amatha kuchotsedwa nkuikapo ena. Chikwangwani cha pamsewu chokumbiridwa pansi chiliko bwino, koma nacho samalani, chikwangwani cholozera njira chimatchula malo omwe simunafike. Za pa sitolo zimathandiza kudziwa dziko, makamaka pakakhala nambala ya foni yoyamba ndi +234 ya Nigeria kapena +237 ya Cameroon, koma mayina a masitolo amabwerezedwa m'matawuni ambiri. Zomwe ndimakhulupirira ine ndi phiri, kukhota kwa mtsinje, mlatho, nsanja ya madzi, ndi momwe zinthu zimenezi zakhalirana. Mawu oti kukhalirana ndiye nkhani yonse. Nsanja ya madzi payokha ilipo paliponse. Koma nsanja yomwe ili kumanzere kwa mlatho, kumbuyo kwake kuli phiri la nsonga ziwiri, msewu nkukhotera kumanja ukangowoloka, imeneyo simungaipeze malo awiri.

Chitsanzo chomwe ndimauza aliyense ndi cha ku Cameroon. Mu Julaye 2018 panafala vidiyo yoopsa ya asilikali akutenga amayi awiri ndi ana awiri, kuyenda nawo pa kamsewu kafumbi, nkuwawombera. Boma la Cameroon poyamba linati ndi nkhani yabodza, ndipo anthu ena amati zinachitikira ku Mali. Mu vidiyomo munalibe chikwangwani cha dzina la malo ngakhale chimodzi. Koma masekondi 40 oyambirira amaonetsa mapiri kumbuyo, ndipo mzere wa pamwamba pa mapiriwo, pomwe akumana ndi thambo, unali ndi maonekedwe akeake. Atolankhani a BBC Africa Eye, mothandizana ndi a Amnesty International ndi ofufuza ena a pa intaneti, anatenga mzere umenewo nkumaufananiza ndi mapiri a pa Google Earth, pulogalamu yoonetsa dziko pa zithunzi za setilaiti.

Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri amadumpha akamafotokoza nkhaniyi. Sanangokhala pa kompyuta nkufufuza Africa yonse mpaka kupeza, ayi. Munthu wina wa ku Cameroon anawatsina khutu za dera loti ayang'ane, ndipo atayang'ana kumeneko mzere wa mapiri unagwirizana ndendende. Malowo anali kunja kwa tawuni ya Zelevet, kumpoto kwenikweni kwa Cameroon, pafupi ndi malire a Nigeria. Ndiye phiri silikuuzani lokha kuti ndili pakuti, ntchito yake nkuvomera kapena kukana malo omwe mukuganizira. Ndipo iwo sanalekere pa phiri. Atapeza pomwe wojambula anaima, anafananiza kanjira, nyumba ndi mitengo ya mu vidiyo ndi zithunzi za setilaiti, chimodzichimodzi, zonse nkupezeka pamalo pake.

Kenako anafunsa funso lomwe inunso likukukhudzani, loti liti. Nyumba ina ya mu vidiyo inali ndi mpanda womwe pa chithunzi cha setilaiti cha Novembala 2014 kunalibe, ndiye zinachitika pambuyo pake. Nyumba ina yomwe imaoneka ili chilili inali itagwetsedwa pofika Febuluwale 2016, ndiye zinachitika isanafike nthawi imeneyo. Kanjira kena kamangooneka nyengo yotentha, pakati pa Januwale ndi Epulo. Pomaliza anayeza zithunzithunzi za asilikaliwo pansi, nkuona komwe dzuwa linali, ndipo anapeza kuti ndi pakati pa 20 Malichi ndi 5 Epulo 2015. Vidiyo yomwe anthu anaiona koyamba mu 2018 inali ya zaka zitatu zapitazo. Mu Seputembala 2020 khoti la asilikali ku Yaoundé linalamula kuti asilikali anayi akakhale kundende zaka 10, wina zaka 2.

Ndikunena izi chifukwa za madzi osefukira ndiye zimabwerabwera kwambiri. Mlatho womwewo ukhoza kusefukira chaka chino, unasefukiranso zaka zisanu zapitazo, ndiye mukhoza kutsimikiza malo bwinobwino koma mawu oti dzulo nkukhala abodza. Ine ndafika poti vidiyo iliyonse yolembedwa kuti "zachitika pompano" koma osanena yemwe wajambula ndimaiona ngati yakale mpaka wina andionetse kuti ndi yatsopano. Ena amati kumeneko nkuuma mtima, anthu akuvutika iwe uli kalikiliki kuwerenga mizati ya mlatho. Ine ndikukana. Vidiyo yolakwika imachititsa anthu kuimbira abale awo usiku ali njenjenje pachabe, ndipo ina imabweza munthu panjira yomwe ili bwino. Komanso chonde musavutike kusaka zobisika mkati mwa failo, zoti inajambulidwa liti ndi foni yanji, chifukwa ikadutsa pa WhatsApp kapena Facebook zambiri zimenezo zimachotsedwa, tsiku lomwe mukuona ndi lomwe yafika pa foni yanu.

Kunena za kufananiza phiri, pali misampha yomwe imagwetsa anthu. Mu Google Earth Pro ya pa kompyuta mumatsika mpaka pansi nkupendeketsa kuti muone ngati munthu woima pamsewu, koma onani kaye kuti Elevation Exaggeration, pomwe mumasinthira kutalika kwa mapiri, ili pa 1, apo ayi mapiri atalika mopitirira nkukusokonezani. Chachiwiri, mapiri a mmenemo ndi osalala kuposa enieni, m'madera ambiri miyala ing'onoing'ono ndi timitsinje sizioneka, ndiye musafune kufanana kwa mwala uliwonse, yang'anani ndondomeko ya nsonga ndi zigwa, iti ili kumanzere kwa inzake, iti yatalika kuposa inzake. Chachitatu, wojambula akakoka chithunzi kuti chiyandikire, phiri lakutali limaoneka ngati lili kuseri kwa nyumba pomwepo, inu nkumalisaka pafupi chonsecho lili kutali. Ndipo phiri lomwelo mukaliona kuchokera mbali ina limasintha nkhope. Choopsa kuposa zonsezi ndi maso athu omwe, munthu ukafuna kuti zifanane zimafananadi. Nchifukwa chake ine ndikapeza malo ooneka ngati ndi omwewo ndimayamba kusaka chotsutsa: ngati wojambula anaimadi apa, kumanja kwake kukuyenera kuoneka chiyani? Ngati mapu akuonetsa nyumba yaikulu yomwe yakhalapo zaka zambiri koma mu vidiyo pali tchire, malowo si amenewo, ngakhale zina zitafanana chotani.

Ndiye inuyo mutani?

Mwayi wanu ngwakuti simukusaka dziko lonse, mukungoyesa malo amodzi omwe atchulidwa kale. Imitsani vidiyo pomwe kamera yatembenuka nkuonetsa patali, jambulani sikirini kangapo. Ngati muli ndi kompyuta yomwe ili ndi pulogalamu ya mavidiyo ya ffmpeg, lamulo ili likupatsani chithunzi chimodzi pa sekondi iliyonse:

```
ffmpeg -i video.mp4 -vf fps=1 chithunzi_%03d.png
```

Ikani zithunzi zingapo mu Google Lens, yomwe imasaka zithunzi zofanana nazo pa intaneti, mwina vidiyoyo inatulukapo kale ndi dzina la malo ena, zikatero mwamaliza. Zikapanda kutero, lembani papepala zosayenda zokha: mlatho uli ndi zotchingira zachitsulo kapena zasimenti, mapolo a magetsi ali mbali iti, msewu ukukhotera kuti, kumbuyo kuli phiri lotani. Tsegulani mapu a setilaiti, yang'anani milatho yonse ya m'tawuni yanu ndi ya panjira yomwe basiyo imadutsa, poti ikhoza kukhala panjira. Madzi amabisa magombe ndi mizati, ndiye dalirani zomwe zili pamwamba pa madzi. Zitatu zikagwirizana m'malo ake popanda chotsutsa, uzani anzanu kuti malo ndi amenewa, koma za dzulo zikhale padera mpaka muone pa Historical Imagery ya mu Google Earth, yomwe imaonetsa zithunzi za setilaiti za zaka zosiyanasiyana, ngati nyumba zonse za mu vidiyo zikufanana ndi za chithunzi chaposachedwa, kapena muimbire munthu wokhala pafupi ndi mlathowo akujambulireni ataima pomwe wojambula woyamba anaima.