Kapenta wouma ndi nsomba yaiwisi: mapuloteni achuluka kuti?

"Ndimakhala ku Mufakose. Apongozi anga akuti kapenta wouma alibe phindu poti dzuwa linamuyamwa kale, koma mwana wanga akuti ku sukulu anamva kuti wouma ndiye ali ndi mapuloteni ambiri pa kilo. Zoona n'ziti?"

Mayi, mwanayo wanena zoona, ngakhale apongoziwo musathamangire kukawauza. Chimene dzuwa limayamwa mu nsomba ndi madzi basi. Mapuloteni, zomanga thupi zija, amatsala momwemo, ndipo poti nsombayo yapepuka, pasikelo amaoneka ochuluka.

Tiyerekeze kuti tili ndi kilo imodzi ya tinsomba tating'ono tongovuulidwa kumene. Pafupifupi magalamu 750 ndi madzi, 180 ndi mapuloteni, ndipo 70 otsalawo ndi mafuta ndi mchere wa m'mafupa. Tikatiyanika pathandala mpaka titauma gwa, kilo ija imatsika kufika cha m'ma 285. Mapuloteni akadali 180 omwe aja, sanawonjezekere ngakhale pang'ono. Koma tsopano mukatapa magalamu 100 a nsomba youmayo mupezamo mapuloteni oposa 60, pomwe magalamu 100 a yaiwisi anali ndi 18 okha. Ndiye kuti pa kulemera kofanana, youma iposa yaiwisi katatu ndi kupitirira apo.

Pali china chimene kwa ine ndicho chofunika kwambiri kwa munthu wogula ndiwo muno mu Harare. Mukagula chambo, kaya cha ku Kariba kaya cha ku Chivero, mumalipira kilo yathunthu, koma mamba, matumbo ndi minga zimapita kudzala. Mnofu wodyeka sufika ngakhale theka la kiloyo, ndiye mapuloteni ofika m'mimba ndi cha m'ma 80 kapena 90. Kapenta ndi usipa timadya yense, mutu ndi minga yomwe, palibe chotaya. Choncho magalamu 150 a kapenta wouma bwino angafanane ndi kilo yonse ya chambo. Mukamayerekeza mitengo ku Mbare Musika, yerekezani pamenepo. Vuto lake n'lakuti kumsika kapenta amayeza ndi kapu kapena ndowa, ndiye muyese kupimitsa kapu imodzi pasikelo ya wogulitsa mbatata kuti mudziwe chimene mukugula.

Komabe si nsomba youma iliyonse imene imafika pa 60 paja. Kapenta wa ku Kariba, yemwe mbewu yake inachokera ku nyanja ya Tanganyika cha m'ma 1967, kawirikawiri amathiridwa mchere asanayanikidwe. Mchere umalemera, komanso umakoka chinyezi. Kilo ija ikathiridwa mchere wambiri ikhoza kuuma n'kutsala magalamu 380 m'malo mwa 285, ndipo mapuloteni pa magalamu 100 amatsikira cha m'ma 47. Mwagula mchere ndi madzi pamtengo wa nsomba. Kumuzindikira n'kosavuta. Tengani kamodzi muthyole: kouma bwino kamathyoka kuti thyo, kachinyezi kamangopindika. Mukafumbata dzanja lodzaza n'kuona kuti akumatirirana, kapena m'manja mwatsala mchere woyera, msiyeni. Onaninso pansi pa thumba. Ufa wambiri ndi timabowo m'mimba mwa nsomba ndi chizindikiro choti tizilombo tadya kale mnofu, ndipo apo ndiye apongozi anu angakhale akulondola, chifukwa chotsala ndi khungu ndi minga. Wa nkhungu kapena wonunkha mafuta owola musagule n'komwe.

Nsomba zowamba pamoto, monga milamba, zili pakatikati. Zina amangoziwamba pang'ono, mkati mukadali mofewa, ndiye madzi ake akadali ambiri ndipo siziposa yaiwisi kwenikweni.

Chomaliza ndi cha mumphika. Kapenta mukamuviika n'kumuphika ndi tomato, amamwanso madzi n'kufufuma, ndiye musaganize kuti mbale ya ndiwo zophika ili ndi mapuloteni 60 pa magalamu 100 alionse. Muziwerengera akadali wouma. Munthu wamkulu wolemera makilo 60 amafunika mapuloteni pafupifupi magalamu 50 patsiku. Magalamu 30 a kapenta wouma, omwe ndi dzanja limodzi lodzaza, amamupatsa cha m'ma 18, gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma pabanja la anthu 6 lomwe lagawana kakapu kamodzi, aliyense amangolawa, nsima n'kumadyera msuzi. Pamenepo onjezerani nsinjiro kapena nyemba. Ndipo ngati m'nyumbamo muli wodwala kuthamanga kwa magazi, muviikeni kapentayo m'madzi ofunda kwa mphindi 10, mutaye madziwo, ndipo pophika musathirenso mchere musanalawe.