Tikiti ya ogula msanga siitsekedwa mwachisoni

"Zikomo. Ndine msungichuma wa kwaya ya kumpingo kwathu. Tikukhazikitsa chimbale Loweruka pa 1 Ogasiti mu holo ya mipando 400. Akomiti agwirizana kuti pakhale mitengo itatu: ya ogula msanga, ya wamba ndi ya magulu. Koma takangana pa kusiyana kwa mitengoyo komanso tsiku lotseka uliwonse. Apampando akuti wotsikawo upitirire mpaka tsiku lomwelo kuti anthu achuluke. Tichite bwanji?"

Mayi msungichuma, apampando anu akulakwitsa, ndipo ndalama imene adzasowe pa 2 Ogasiti adzakufunsani inuyo. Koma tisanakangane nawo za masiku, tengani pepala tiwerengere, chifukwa tsiku lotseka limachokera m'masamu.

Simunandiuze zimene mudzawononge, ndiye ndiika zanga zongoyerekeza, inu mudzaikemo zanu. Tinene kuti holo ndi K900,000, zokuzira mawu K700,000, jenereta ndi mafuta ake K300,000, oimba oitanidwa ndi oliza zida K800,000, mapositala, wailesi ndi kusindikiza matikiti K400,000, achitetezo ndi zilolezo K300,000. Zonse pamodzi K3,400,000. Jeneretayo musaichotse pofuna kupulumutsa ndalama, magetsi akazima nyimbo ili pakati anthu amafuna ndalama zawo. Chilolezo cha a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, nachonso makomiti ambiri amachikumbukira sabata lomaliza mitengo italengezedwa kale.

Mipando 400 si matikiti 400. Abusa, mlendo wolemekezeka ndi omuperekeza, atolankhani ndi alendo a oimba atenga mipando 40 osalipira. Yatsala 360. Pa imeneyinso musawerengere kuti holo idzadzaza. Werengerani anthu 250, pafupifupi asanu ndi awiri pa khumi alionse. Gawani K3,400,000 ndi 250, mupeza K13,600. Nambala imeneyi ilembeni pakhoma. Tikiti iliyonse yogulitsidwa pansi pa K13,600 ndi ngongole imene tikiti ina iyenera kubweza.

Ndiye mtengo wa wamba, umene uli weniweni wa zochitikazo, uikeni K15,000. Wa ogula msanga K12,000. Wa magulu K13,000 munthu mmodzi, gulu la anthu khumi K130,000. Ndipo pali wachinayi umene simunautchule koma ndi umene umagwira ina yonseyi: wa pakhomo, K20,000.

Chifukwa chiyani K12,000 osati K14,000 kapena K8,000? Kusiyana kwa K1,000 sikungamudzutse munthu kuti atumize ndalama lero pa chinthu cha mwezi wamawa, adzangoti ndidzagula. Mukatsitsa kufika pafupifupi theka, anthu amayesa kuti K8,000 ndiwo mtengo woona ndipo K15,000 ndi kuwabera, moti mukakweza malonda amaima. Kuchotsa gawo limodzi mwa asanu kumakwanira kumukoka munthu popanda kunyozetsa mtengo waukuluwo.

Tsopano funso limene akomiti sanadzifunse: tikiti yotsika mtengo ntchito yake nchiyani? Si mphatso, si chifundo. Mukugula ndalama yofulumira. Eni holo safuna malonjezo, amafuna dipoziti, nthawi zambiri theka. A zokuzira mawu chimodzimodzi. M'chitsanzo chathu ndi K450,000 ndi K350,000, pamodzi K800,000. Matikiti 80 a K12,000 abweretsa K960,000. Dipoziti yakwana, ndipo zotsala zilipirako wailesi. Ntchito ya mtengo wotsika yathera pomwepo. Tikiti ya nambala 81 mukaigulitsanso K12,000 ndiye kuti mwataya K3,000 osagula nayo kanthu.

Pali phindu lina. Mitengo kuno siidikira munthu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atangolonjezedwa mtengo pakamwa anauzidwa wina. Dipoziti yolipiridwa msanga, yokhala ndi lisiti lotchula mtengo wonse, imakhoma mtengo wa holo pamene unali.

Choncho mtengo wa ogula msanga ukhale ndi maloko awiri, nambala ndi tsiku, ndipo limene layamba kukwana ndilo limatseka. Papositala palembedwe poyera: matikiti 80 okha, kapena mpaka Lamulungu pa 5 Julaye 8 koloko usiku. Tsegulani pa 15 Juni. Masabata atatu amenewa adutse pa malipiro a kumapeto kwa Juni, chifukwa kutseka pa 22 wa mwezi, matumba ali pululu, ndi kudzinamiza. Tsekani Lamulungu chifukwa ogula anu ambiri mumakumana nawo kutchalitchi. Mwayi wanu, Lolemba pa 6 Julaye ndi tchuthi cha ufulu wodzilamulira, mudzakhala ndi tsiku lonse lowerengera mabuku ndi ndalama, ndipo dipoziti ikaperekedwe mkati mwa sabata lomwelo.

Tiyeni tione zimene apampando akufunazo zikachitika. Mukatsata dongosolo ili, 80 a K12,000 apereka K960,000, magulu asanu ndi limodzi, anthu 60, apereka K780,000, anthu 70 a K15,000 apereka K1,050,000, ndipo 40 a pakhomo K800,000. Pamodzi K3,590,000, mwapyola zowononga ndi K190,000, musanagulitse chimbale ngakhale chimodzi. Koma mtengo wotsika ukakhala wotsegula mpaka kumapeto, anthu 210 onse ogula tsiku lisanafike alipira K12,000, zomwe ndi K2,520,000. Kuphatikiza za pakhomo ndi K3,320,000. Anthu omwewo 250, holo yomweyo, nyimbo zomwezo, koma mwalowa ngongole ya K80,000. Ndipo apa ndawachitira chifundo apampando, chifukwa ndayesa ngati ndalama ya dipoziti ifikabe nthawi yake. Siifika. Munthu akadziwa kuti mtengo sukwera, amagula Lachisanu lomaliza.

Choipa koposa ndi uthenga uja wa pa WhatsApp wakuti chifukwa cha pempho la anthu ambiri tawonjezera sabata imodzi. Aliyense amadziwa kuti palibe anapempha, matikiti sakuyenda basi. Amene anadzimana kuti agule pa 5 Julaye amaona kuti anapusitsidwa, ndipo chaka chamawa sadzathamanganso. Ine ndikuti musawonjezere ngakhale ola limodzi. Pa 5 Julaye mukapeza kuti mwagulitsa 30 okha, vuto si tsiku lotseka. Mwina uthenga sunafike kwa anthu, mwina tsikulo lagundana ndi ukwati waukulu kapena msonkhano wa mpingo. Pamenepo mukadali ndi masabata anayi oti muchepetse oimba oitanidwa, mukambirane ndi eni holo, kapena muyende m'mipingo ya pafupi kukagulitsa za magulu. Kuonetsa msanga kuti zinthu sizili bwino ndi ntchito inanso ya tikiti imeneyi, ndipo mukamasuntha tsiku mumazimitsa chenjezolo.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa apa mpamene ndalama za makwaya zimatayikira. Matikiti amagawidwa kwa mamembala kuti akagulitse, aliyense ndi kabuku kake. Tsiku lotseka likadutsa mabuku a K12,000 akadali m'zikwama zawo, wina adzagulitsa pa K15,000 nkudzanena kuti anagulitsa kalekale pa K12,000. Wina sabera, amangomvera chisoni azakhali ake. Zotsatira zake nzofanana. Mankhwala ake ndi kusindikiza mtundu uliwonse pa pepala la mtundu wake, la chikasu la ogula msanga, loyera la wamba, lobiriwira la magulu, mtengo utalembedwapo ndi nambala zotsatana, kachidutswa kotsala m'buku kakhalenso ndi nambala yomweyo. Achikasu musindikize 80 okha, 001 mpaka 080. Lamulungu lotsekalo mabuku onse achikasu abwerere kwa inu, ogulitsidwa ndi ndalama zake, osagulitsidwa muwadule pakati akomiti akuona. Membala asatenge buku loyera asanabweze lachikasu.

Olipira pa Airtel Money kapena Mpamba, nthawi imene ikuwerengedwa ndi ya uthenga umene wafika pa foni ya kwaya, osati chithunzi chimene munthu watumiza. Zithunzi zimakonzedwa. Foni ikhale imodzi, wogwira mmodzi, ndipo nambala ya uthenga uliwonse ilembedwe pambali pa nambala ya tikiti. Kumbukiraninso kuti potapa ndalamazo amadula, ndiye K12,000 siifika yonse m'manja.

Za magulu

Mtengo wa gulu usatsike kuposa wa ogula msanga. Ukatsika, anthu khumi osadziwana amangosonkhana pabwalo la tchalitchi nkudzitcha gulu, ndipo amene anakukhulupirirani poyamba ndi amene alipira zambiri. Nchifukwa chake ndauika pakati, K13,000, ndipo utsegulidwe pa 6 Julaye, wachikasu utatsekedwa. Zoona, K13,000 ili pansi pa K13,600 ija, gulu lililonse likukudyerani K6,000. Mukulolera chifukwa munthu mmodzi wakugwirirani ntchito yosonkhanitsa anthu khumi, ena mwa iwo oti paokha sakanabwera: kwaya ya mpingo wina, amayi a banki mkhonde, ogwira ntchito ofesi imodzi. Koma ikani malire, magulu asanu ndi atatu basi. Onse atabwera pa K13,000 masamu sangatuluke.

Gulu ndi anthu khumi olipira kamodzi, ndalama yonse, ndi mndandanda wa maina. Asanu ndi awiri amene akuti atatu enawo apereka mawa si gulu. Kusungira mipando pa mawu okha kumatha ndi mzere wopanda anthu kutsogolo pamene ena mwawabweza pakhomo.

Tsekani za magulu Lamulungu pa 26 Julaye, kutatsala masiku asanu ndi limodzi. Zifukwa ndi ziwiri. Mufunika kudziwa mipando yotsala kuti mudziwe ngati muwonjezere kulengeza pa wailesi sabata lomalizalo. Chachiwiri ndi mavenda a matikiti. Munthu wochenjera amagula khumi pa K13,000 nkuima pageti kumagulitsa K17,000, kutsika kuposa K20,000 yanu, ndipo wapakhomo aliyense amene wagula kwa iye ndi ndalama yochoka m'thumba lanu. Kutseka msanga kumachepetsa zimenezi chifukwa wotereyu amadikira aone kaye ngati holo idzadzaza. Maina aja amatsiriza ntchitoyo: tikiti yobiriwira ilowe pokhapokha dzina likupezeka pa mndandanda umene uli ndi wapakhomo. Ena adzadandaula kuti malipiro a Julaye anali asanatuluke pa 26. Auzeni kuti ya K15,000 ilipo mpaka Lachisanu, kusiyana kwake K2,000.

Ya wambayo iyambe pa 6 Julaye ndi kutsekedwa Lachisanu pa 31 Julaye 6 koloko madzulo, mabuku oyera onse atabwezedwa usiku womwewo kuti mudziwe nambala yeniyeni ya mipando yogulitsa pakhomo. Loweruka m'mawa mtengo ndi K20,000 kwa aliyense, ngakhale wolipira pa foni ali pamzere. Ndasankha K20,000 osati K18,000 chifukwa cha chenje: pakhomo pakakhala anthu makumi asanu akukankhana, wogulitsa sayenera kusakasaka ma K2,000. Mitengo inayi yonseyi ndi masiku ake ilembedwe pa positala yoyamba ya pa 15 Juni, kuti wobwera Loweruka akamakangana ndi wapakhomo, wapakhomoyo angomulozera pakhoma.