Tiraveling'i ndi mlandu wa mapazi, dabulo diribulo ndi wa manja

"Achimwene, ine ndinakulira netibolo, koma kusukulu andipatsa timu ya basiketibolo. Ana akandifunsa kusiyana kwa tiraveling'i ndi dabulo diribulo ndimangoti zonse ndi zolakwika. Ndithandizeni, asanandizindikire." Mphunzitsi wina wa kuno ku Mangochi

Aphunzitsi, imelo yanuyi yanditosa pachilonda chakale. Ndili ku sekondale tinkasewera pa bwalo lina la simenti kuno kuboma, mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti mapazi amapsa muli m'nsapato. Tinali kumbuyo ndi mapointi awiri. Ndinayenda ndi mpira ndikuunjanjitsa mpaka pakona, mnyamata wina wamtali ngati mgwalangwa n'kunditsekera njira. Ndinaugwira ndi manja awiri kuti ndipatsire mnzanga, koma mnzangayo anali atagwidwa kale. Mantha. Ndinaumenyanso pansi kuti ndithawe. Wezulo inalira.

Ndinakuwa kuti "sindinayende!" ndipo ndinkanena zoona, mapazi anali pomwepo ngati mtengo. Oyimbira nawonso anandisokoneza, chifukwa anazunguza zibakera, chizindikiro cha tiraveling'i. Ndinawoloka mlatho wa Shire madzulo amenewo ndikutukwana mumtima kuti atibera. Zinanditengera zaka kuvomera kuti wezuloyo inali yolondola, chizindikiro chokha ndiye chinali cholakwika. Mlandu wanga unali dabulo diribulo, kutanthauza kunjanjitsa kawiri, ndipo anayenera kugwedeza zikhatho m'mwamba ndi pansi mosinthanasinthana. Mpaka lero ndimati woyimbira wosadziwa zizindikiro amawononga ana kuposa kochi waulesi, chifukwa mwana amapita kwawo kukakonza mapazi pamene vuto lili m'manja.

Inu a netibolo musadziderere. Dziko lino Malawi Queens inatiphunzitsa kale kulemekeza phazi lotera, ndipo ana ochokera ku netibolo sandivutitsa pa mapazi. Amene amandidwalitsa mutu ndi anyamata oonera NBA, ligi ya ku America, pafoni, amene amabwera ndi masitepe anayi n'kumati "n'zololedwa masiku ano". Sizololedwa. Chimene FIBA, bungwe loyendetsa basiketibolo padziko lonse, inasintha mu 2017 n'chakuti ukagwira mpira uli pa liwiro, phazi limene lili pansi nthawi yogwirayo siliwerengedwa, limatchedwa sitepe ya ziro. Zikatero uli ndi masitepe awiri basi, ndipo poponya kapena popatsira, mpira uchoke m'manja phazi lisanaterenso kachitatu. Ndiye diso losazolowera limaona ngati atatu, n'chifukwa chake mikangano siitha.

Za mapazi

Tiraveling'i imachitika mpira uli m'manja, wogwiridwa. Tiyerekeze mtsikana walandira mpira ataima, mapazi onse ali pansi. Akasuntha lamanja, lamanzere lasanduka chikhomo chake, chimene timati pivoti. Atha kuzungulira pa chikhomocho kangati konse, bola asachikokere. Akafuna kuponya kapena kupatsira, aloledwa kuchinyamula, koma mpira uchoke chisanabwerere pansi. Akalumpha n'kutera mpira udakali m'manja, wezulo. Pamene ambiri amagwa ndi poyamba kunjanjitsa: apa mpira uyenera kuchoka m'dzanja chikhomo chisanadzuke. Mwana wofulumira amayamba wathamanga, mpira n'kumatsatira pambuyo. Imeneyo ndi tiraveling'i yeniyeni, ndipo mudzaiona kakhumi pa tsiku loyamba.

Koma pamene akunjanjitsa, musawerenge masitepe. Akakankhira mpira kutsogolo n'kuuthamangira masitepe asanu asanaukhudzenso, palibe mlandu. Ndaonapo makolo kunja kwa bwalo akukuwa "wayenda!" pa zimenezi, ine kumangogwira pakamwa.

Dabulo diribulo ndi ija yanga ija. Kunjanjitsa kumatha ukakhudza mpira ndi manja awiri nthawi imodzi, kapena ukaulola kupuma m'dzanja. Kukatha kwatha, chatsala ndi kupatsira kapena kuponya. Ukaumenyanso pansi, walakwa, ngakhale mapazi asanasunthe n'komwe. Ufulu wonjanjitsanso umabwerera ukaponya ku ling'i, kapena mdani akaugwetsa m'manja mwako, kapena ukapatsira mpira n'kukhudza wosewera wina. Kusintha dzanja, kuchoka lamanja kupita lamanzere, ndi kololedwa. Ndipo mwana akalephera kuwakha bwino, mpira n'kumupulumuka mwangozi, akautola athabe kuyamba kunjanjitsa, poti kupulumuka si diribulo.

Chilango n'chimodzi pa zonse ziwiri: mpira upita kwa adani, akauponyere kunja kwa mzere pafupi ndi pamene zachitikira. Si faulo, palibe chimene chilembedwa pa dzina la mwana.

Lolemba muwaike awiriawiri. Wina anjanjitse katatu, agwire, aime, mnzake amutsekere masekondi atatu. Inu muyang'ane zinthu ziwiri zokha kuyambira pamene wagwira: phazi la chikhomo likachoka n'kuteranso, zunguzani zibakera, mpira ukabwerera pansi kuchokera m'manja mwake, gwedezani zikhatho. Muchite m'mawa, simenti isanatenthe.