Inshulansi ya maliro yatsekedwa: musanathamangire kwa akatapila, onani zaka za amayi

*Ntchito yanga ku Luwinga inatha mu Febuluwale. Inshulansi ya maliro ankandidula pa malipiro K12,000 pamwezi kwa zaka zinayi, koma tsopano papita miyezi isanu osalipira ndipo akuti inatsekedwa. Ndinalembetsamo ine, mayi akunyumba, ana atatu, amayi anga a zaka 71, amalume ndi alamu anga awiri. Ndikufuna ndikongole K60,000 ndilipire zotsalira. Ndilembe bwanji kalata yopepesa kuti anditsegulirenso? Bambo wa ku Chibavi*

Achimwene, kupepesa kusiyeni, kampani ya inshulansi si apongozi. Mizere isanu ikukwana: dzina, nambala ya inshulansi, mwezi umene munalipira komaliza, chifukwa chimene munasiyira kulipira, ndi pempho loti ayitsegulenso. Muphatikizepo kope la chiphaso cha unzika, kalata yokuchotsani ntchito ndi peyisilipi yomaliza. Mupite nayo nokha ku ofesi, kope lanu alidinde. Musapatsire ejenti pamsewu.

Koma choyamba fufuzani ngati inshulansiyo inali yanuyanu. Ina imakhala ya gulu, ya kampani imene munkagwirako, ndipo yoteroyo kawirikawiri imatha tsiku limene ntchito yatha. Ngati ndi choncho, palibe chotsegulanso. Ngati chikalata cha mgwirizano chili m'dzina lanu, mwayi ulipo, ngakhale kuti makampani ambiri amaika malire a miyezi imene munthu angapemphe, ndiye musagonerenso.

Funso limene munayenera kundifunsa ndi lakuti, kodi kutsegulanso yakaleyi n'kwabwino kuposa kuyamba ina? Zaka zinayi zija musaziwerengere ngati chuma. Inshulansi ya maliro nthawi zambiri sisunga ndalama. Mwezi uliwonse munkagula chitetezo cha mwezi umenewo basi. K60,000 imene mukufuna kulipirayo ndi ya miyezi imene munalibe chitetezo, ndipo maliro akanagwa mu Meyi sakanakupatsani kanthu. Mukanakhala inu nokha ndi ana, ndikanati yerekezani mitengo, mwina muyambe yatsopano. Chimene chikusintha nkhani ndi amayi. Munawalembetsa ali ndi zaka 67. Lero inshulansi yatsopano ikhoza kuwakana chifukwa cha zaka, kapena kuwalandira pa mtengo wokwera. K60,000 imeneyo kwenikweni mukugulira malo a amayi.

Tsono musanatulutse tambala, akuyankheni polemba: ngongole yonse ndi zingati, chitetezo chiyambanso tsiku liti, ndipo kodi nthawi yodikira iyambiranso. Ambiri amagwa pomalizapa. Nthawi yodikira, imene inshulansi sipereka ndalama maliro akagwa, imafika miyezi isanu ndi umodzi m'migwirizano yambiri pa imfa yobwera ndi matenda. Munthu amatumiza ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wa pafoni wabwera, iye n'kumati zatheka. Maliro agwa patatha miyezi iwiri, thupi likufunika kupita ku Rumphi, ku ofesi akumuuza kuti ndalama analandiradi koma pempho silinavomerezedwe. Kulandira ndalama si kuvomereza. Popanda kalata yonena kuti inshulansi yatsegulidwanso kuyambira tsiku lakuti, dziwerengeni kuti mulibe. Akakupatsani fomu ya zaumoyo, musabise BP kapena shuga wa amayi. Bodza la pa fomu limatulukira tsiku lopempha ndalama, ndipo tsiku limenelo simudzakhala ndi mphamvu zokangana.

Za kukongolazo ndiye ayi. Wakatapila akakupatsani K60,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi, mwezi wamawa akufuna K90,000, kuphatikizapo K12,000 ya inshulansi, zonse K102,000, kwa munthu amene sali pa ntchito. Inshulansiyo idzatsekedwanso pofika Okutobala, ndipo firiji idzakhala itapita. Pemphani kuti zotsalirazo muzilipira pang'onopang'ono. Ena amalola, ena amakana, koma kufunsa n'kwaulere.

Ndipo anthu asanu ndi anayi pa malipiro a munthu m'modzi! Kalata ngati yanu ndikaiwerenga ndimayamba ndawerenga mitu. Alamu awiriwo ali ndi manja, amalume ali ndi ana awo. Funsani ku ofesi kuti aliyense akukudyerani zingati. Tiyerekeze kuti atatuwo ndi K1,500 aliyense: mukawachotsa mwatsika kufika K7,500, ndalama imene ganyu angakwanitse. Amene akufuna kukhalamo azitumiza gawo lake pa 25 mwezi uliwonse. Abale anu enanso, amene amayiwo ndi awo, agawane nanu K60,000 ija; mukakhala atatu ndi K20,000 aliyense.

Mapeyisilipi a zaka zinayi aja muli nawo? Afananizeni ndi sitetimenti ya ku inshulansi, chifukwa mabwana ena amadula koma osatumiza, ndipo mwina miyezi ina imene akukuwerengeraniyo munalipira kale. Mukapeza zotero ndipo kampani ikukanabe kukonza, dandaulo limapita kwa woyang'anira mabungwe a zachuma ku Reserve Bank, ndipo kumeneko kope lodindidwa lija lidzakuthandizani.