Zigayo zitatu, mitengo itatu: kusiyana kwa monopoli, oligopoli ndi mpikisano wangwiro

"Achimwene, ine ndikuphunzira ikonomikisi chaka choyamba. Monopoli, oligopoli ndi mpikisano wangwiro ndinaloweza matanthauzo ake koma sindikumvetsa kwenikweni. Kodi nkhani ndi kungowerenga ogulitsa, mmodzi, ochepa, ambiri? Nanga bwanji mabando a TNM ndi Airtel mitengo yake siitalikirana, pomwe amati akupikisana?"

Achemwali, kuwerenga ogulitsa ndi poyambira chabe, ndipo kukhoza kukusocheretsani. Funso lomwe limasiyanitsa misika itatuyi ndi ili: wogulitsa akakweza mtengo mawa m'mawa, makasitomala ake athawira kuti? Ngati alibe kothawira ndi monopoli. Ngati athawira kwa mnzake mmodzi kapena awiri omwe iyeyo amawadziwa bwinobwino, ndi oligopoli. Ngati athawa onse pompopompo kupita kwa ogulitsa ena ambirimbiri, umenewo ndiye mpikisano wangwiro. Zina zonse zomwe mwaloweza zija zimachokera pamenepa.

Tiyeni titenge chigayo, manambala ndangopeka kuti masamu aziyenda. Pamudzi pali chigayo chimodzi basi, china chili kutali moti kupita uko ndi tsiku lathunthu. Kugaya ndowa imodzi mwini wake zimamudyera K800, dizilo, wantchito, kukonza sefa ndi malamba, zonse pamodzi. Akaika mtengo wa K1,000 pa ndowa anthu amabwera ndi ndowa 100 pa tsiku, phindu ndi K200 pa ndowa, nde K20,000. Akakweza kufika K1,500 ndowa zimatsika kufika 80, koma phindu ndi K700 pa ndowa, yonse K56,000. Pa K2,000 ndowa 60, phindu K72,000. Pa K2,500 ndowa 40 zokha, phindu K68,000.

Mwaona pamene aime bamboyu? Pa K2,000. Sapitirira, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma akapitirira ndalama zomwe akutaya pa anthu osiya kubwera zikuposa zomwe akuonjezera pa anthu otsala. Apa mpamene ambiri amalakwitsa pa mayeso, amalemba kuti wa monopoli amaika mtengo wina uliwonse womwe wafuna. Kuika akhoza kuika, koma sangakakamize munthu kugula. Amasankha mtengo, kuchuluka kwa ogula kumasankhidwa ndi ogulawo.

Komanso taonani chomwe chasowa. Pa K1,000 ndowa 100 zikanagayidwa ndipo mwini chigayo sakanaluza. Pano zikugayidwa 60. Ndowa 40 zija zili kuti? Azimayi ena akusinja mumtondo, ena asenza thumba kuwoloka dambo kupita kutali kuja, ena angochepetsa. Anthu amenewa anali okonzeka kulipira zoposa K800 yomwe kugayako kumadya, koma malonda sanachitike, makina angokhala phee masana onse. Vuto lenileni la monopoli kwa akatswiri a zachuma ndi limeneli, osati kungoti mwini wake walemera. Ndalama zochoka m'thumba mwanu kupita m'thumba mwake zilipobe penapake, koma ufa womwe sunagayidwe wangotayika, palibe waupeza.

Tsopano wina wagula injini, wakhazika chigayo chachiwiri tsidya la msewu. Zigayo ziwiri, oligopoli yayamba. Onse akakhala pa K2,000 amagawana ndowa 60 zija, aliyense 30, phindu K36,000 aliyense. Watsopanoyu usiku akuwerengera, nditati ndatsitsa kufika K1,500 anthu onse abwera kwa ine, ndowa 80, K56,000. Akutsitsadi. Koma mnzake uja si wakhungu, mawa lake nayenso walemba K1,500 pakhoma ndi choko. Pano akugawana ndowa 80, aliyense 40, phindu K28,000 aliyense. Onse awiri aluza poyerekeza ndi poyamba paja, ndipo onse akudziwa kuti akapitiriza kutsitsirana afika pa K1,000 akulira.

Ichi ndicho chizindikiro cha oligopoli. Wa monopoli amangoyang'ana makasitomala, wa oligopoli diso limodzi kwa makasitomala lina kwa mnzake, chilichonse chomwe akuchita amayamba wadzifunsa kuti uja ayankha bwanji. Nchifukwa chake mitengo pamsika wotere imakonda kuuma malo amodzi. Kutsitsa sikupindula poti mnzako akutsatira nthawi yomweyo, kukweza wekha nakonso nkoopsa poti mnzako akhoza kungokhala chete nkukutengera anthu. Nde mpikisano umasamukira kwina, wina wamanga kashedi koti anthu azidikirirapo mvula, wina akugaya pangongole, wina akutsegula 5 koloko m'mawa.

Pa zafoni zija ndi chimodzimodzi. Msika wa mafoni am'manja ku Malawi kuno waukulu wake uli m'manja mwa makampani awiri, TNM yomwe inayamba mu 1995, ndi Airtel yomwe inabwera ngati Celtel mu 1999, kenako Zain, nkudzakhala Airtel mu 2010. Awiri akayang'anizana chonchi musadabwe kuona mabando akufanana, ndipo phokoso lambiri likukhala pa mabonasi, mapulomoshoni, kusponsa mpira, netiweki yofika kumudzi, Mpamba ndi Airtel Money. Ndipo chonde apa musafulumire kunena kuti ndiye kuti amagwirizana mobisa. Mitengo yofanana payokha si umboni wa chilichonse, zigayo zathu zija zinafika pa K1,500 zonse popanda eni ake kupatsana moni nkomwe. Zimakhala mlandu pamene eni zigayo akumana pa bawo nkunena kuti aise tibwerere pa K2,000 tonse, usatsitse nanenso sinditsitsa. Mgwirizano wotero pakati pa opikisana ndi woletsedwa, ndipo bungwe la CFTC ndi lomwe limayang'anira zimenezo kuno. Chosangalatsa nchakuti mgwirizano wotere umavuta kusunga ngakhale boma lisalowererepo, chifukwa K56,000 ija imakhala ikumuitanabe aliyense wa iwo, tsiku lina wina ayamba kutsitsira makasitomala ake mwakachetechete, mnzake amva, basi zatha. Ogwirizana akachuluka, kuberana kumaphwekanso, atatu akhoza kulondana koma makumi atatu sangathe.

Nanga bwanji sipabwera wachitatu, wachinayi, mpaka mtengo ugwe? Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ine ndimaona kuti ichi nchofunika kuposa kuwerenga mitu kuja: khomo lolowera mumsikamo ndi lotseguka bwanji. Chigayo munthu akhoza kugula atagulitsa fodya bwino. Koma kampani ya mafoni ikufuna laisensi ya MACRA, nsanja dziko lonse, ndalama za kunja zogulira zipangizo, kenako ukope anthu omwe abale awo onse ali kale pa netiweki ina. Khomo limenelo ndi lopapatiza kwambiri. Wogulitsa mmodzi pamalo pomwe wina akhoza kulowa sabata yamawa amachita mantha, sakweza kwambiri. Ogulitsa atatu pamalo pomwe palibe angalowe amagona tulo.

Tsopano zigayo zichuluke, pa tireding'i senta pali khumi ndi zingapo, ufa wake ndi umodzimodzi, aliyense akudziwa mitengo ya onse. Woika K1,500 sagaya ndowa ngakhale imodzi. Mtengo umatsika mpaka kuyandikira K800 ija kuphatikiza kaphindu kongokwanira kuti munthu asatseke nkukachita zina. Palibenso wosankha mtengo, aliyense amangoupeza pamsika, chomwe angasankhe ndi kuchuluka kwa ntchito yomwe agwire. Phindu likakwera pang'ono ena amalowa nkulifafaniza, likasowa ena amatseka.

Kuti muone zoyandikira zimenezi imani pa Lizulu kapena pa Jenda nthawi ya tomato. Mzere wonse milu yofanana, mtengo umodzi, mayi wina akangoti wanga ndi wokwerako wogula amangosuntha phazi limodzi. Ndipo tomato akachuluka mtengo umagwa kwa onse, palibe angauimitse, sangasunge poti mawa aola. Koma ngakhale pamenepo si wangwiro ndithu. Uyu ali pafupi ndi pomwe minibasi imaima, uyu ali ndi kasitomala wake wa zaka, uyu amaika banyira wambiri, wapagalimoto yabwino amauzidwa mtengo wina. Mpikisano wangwiro weniweni wa m'buku uja, katundu wofanana ndendende, aliyense kudziwa zonse, kulowa ndi kutuluka kwaulere, simudzaupeza pena paliponse. Ndi muyezo woyezera misika inayo kuti yapatuka bwanji. Komanso musaiwale kuti ndi wokoma kwa wogula, kwa wogulitsa ndi moyo wowawa, palibe amene amalemera pogulitsa chinthu chofanana ndi cha anthu ena mazana. Nchifukwa chake wabizinesi aliyense wochenjera amayesetsa kuti katundu wake asiyaneko ndi wa anzake.

Chomaliza chomwe aphunzitsi amakonda kufunsa, kodi monopoli iliyonse ndi yoipa? Tengani magetsi. Mawaya ndi mapolo ofika kunyumba kwanu ndi a ESCOM, ndipo sizingakhale zanzeru kuti makampani atatu aliyense azike mapolo ake mumsewu umodzi wa ku Ndirande, ndalama zomangira zikhala katatu pa makasitomala omwe aja, mtengo ukwera m'malo motsika. Madzi a m'mipopi chimodzimodzi. Imeneyi amati monopoli yachilengedwe, ndipo mankhwala ake si kubweretsa opikisana koma kumulanda mwini wake mphamvu yoika yekha mtengo, nchifukwa chake ESCOM ikafuna kukweza imakapempha ku MERA. M'chitsanzo chathu chija zili ngati chigayo chikhalebe chimodzi koma mtengo wa ndowa azivomereza ndi ena, ataona kaye mabuku a dizilo. Vuto lake nlakuti amene akudziwa bwino kuti ndowa imadya K800 kapena K1,100 ndi mwini chigayo yemweyo, woyang'anira amadalira manambala opatsidwa. Akaika mtengo wokwera makina amayenda mwaulesi poti palibe chowakankha, akaika wotsika kwambiri ndalama zokonzera zimasowa zinthu nkumaonongeka.

Koma kupanga magetsi, kusiyana ndi kuwanyamula pa mawaya, kulibe vuto limenelo, malo opangira akhoza kukhala ambiri onse nkumathira m'mawaya amodzi. Ndi chifukwa chake mu 2017 mbali yopanga inachotsedwa ku ESCOM nkukhala EGENCO, ndipo makampani ena oima paokha, monga a sola ku Salima, analoledwa kupanga nawo nkumagulitsa. Nde msika umodzi womwewo wa magetsi, kopangira kuli ogulitsa ochepa, pa mawaya pali mmodzi. Mukapatsidwa funso loti gawani msika wakutiwakuti, yambani mwafunsa kuti akunena gawo liti la msikawo.