Chikwama chinalowa m'choyezera, koma anandilandabe

"Abale, ndikwera ndege koyamba mwezi wamawa. Kodi chikwama cholowa nacho m'ndege chimafunika chachikulu bwanji, ndipo n'zoona kuti amatha kukulanda pageti?"

N'zoona achemwali, ine zinandionekera chaka chatha pochokera ku Joni kubwerera ku Chileka, ndipo mtima umandiwawabe. Chikwama changa chinali cha muyezo umene makampani ambiri amalola, masentimita 55 m'litali, 40 m'lifupi ndi 23 kukhuthala, ndipo sichinapitirire makilogalamu 7. Pageti anandiuza kuti ndichilowetse m'kachitsulo kooneka ngati bokosi koyezera kukula kwa zikwama. Dziwani kuti kachitsuloko kamawerengera mateyala ndi chogwirira chomwe, ndipo chikwama changa chinayamba chakana kulowa chifukwa ndinali nditatsegula zipi yokulitsira. Ndinagwada pansi anthu akundiyang'ana, n'kutulutsa juzi ndi kuivala ngakhale kunali kotentha, ndipo nditatseka zipiyo chinalowa bwinobwino.

Ndinkayesa kuti zatha. Koma pamene ndinkalimbana ndi zipi anzanga onse anali atakwera, ndipo nditafika pakhomo la ndege mayi wina wogwira ntchito m'menemo anati mosungira katundu mwa pamwamba mwadzaza, chikwama chipite pansi pa ndege, kumene kumakhala masutikesi akuluakulu. Ndinamuuza kuti chayezedwa kale ndipo chalowa, iye n'kuyankha mosandiyang'ana n'komwe kuti kulowa m'choyezera sikusungira munthu malo. Anamangirira tagi n'kuchipereka kwa mnyamata wonyamula katundu, osandifunsa ngati muli chinthu chosweka kapena batire, pomwe pawabanki siiloledwa kupita pansi chifukwa ikhoza kuyaka moto kumene kulibe woizimitsa. Ndinakumbukira ndekha, ndinakuwa mpaka anachibweza, ndipo ndinasolola pawabankiyo ndi mankhwala a amayi, koma m'chipwirikiticho laputopu ndinaiiwala. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti nditakhala pansi ndinaona kuti pamwamba pa mpando wanga mwadzaza majekete ndi timajumbo ta m'mashopu a pabwalo, zinthu zoti zikanakwana pansi pa mpando, ndipo mayi uja sanauze aliyense kuti azichotse. Ku Chileka chikwama chinatulukira limodzi ndi masutikesi akuluakulu, galasi la laputopu litang'aluka pakati.

Yezani chikwama chanu kunyumba ndi tepi chitadzaza kale, mateyala omwe, ndipo muone muyezo wolembedwa pa tikiti yanu popeza makampani amasiyana, ngakhale kuti ine muyezowo sunandipulumutse. Pasipoti, ndalama, mankhwala, laputopu ndi pawabanki zikhale m'kachikwama kena kakang'ono kokwana pansi pa mpando wa kutsogolo kwanu, ndipo akayamba kuitana muime pamzere msanga. Akanena kuti chipite pansi musakangane nawo, simungapambane. Ingofunsani ngati mukachilandire potsika pa ndege pomwepo kapena kumalo otengera katundu, ndipo kapepala ka tagi kamene akupatseniko mukasunge mpaka chikwamacho chili m'manja mwanu.